Tisanaitane anthu ku msonkhano: zimene m'bale waulumali ayenera kudziwa, ndi zimene ife tiyenera kumufunsa

Chilengezo cha ijitima, maphunziro a aphunzitsi a madrasa kapena msonkhano wa amayi nthawi zambiri chimatuluka mofanana. Chimakhala chithunzi chokongoletsedwa bwino, cholembedwa mutu wa msonkhano, maina a mashehe, tsiku ndi dzina la mzikiti, ndipo m'munsi mwake muli nambala imodzi ya foni ndi mawu akuti "imbani kuti mulembetse". Chikatumizidwa m'magulu a WhatsApp ndi kulengezedwa pambuyo pa Swala ya Juma, komiti imaona ngati ntchito yoitana anthu yatha.

Koma tiyeni tichione chilengezochi monga chimafikira anthu atatu a m'boma la Karonga. Bambo wa vuto losaona wa ku Chilumba ali ndi foni imene imamuwerengera mauthenga mokweza kudzera pa TalkBack. Foniyo ikafika pa chilengezo chathu, kawirikawiri imangomuuza kuti pali chithunzi, osatchula zolembedwamo. Mtsikana wa vuto losamva wa ku Kaporo wawerenga zonse bwinobwino, koma njira yolembetsera ndi yoimba foni, chinthu chimene iye sangachite. Mayi woyenda pa njinga ya anthu aulumali wa pa boma wawerenga, ndipo foni atha kuimba, koma funso lake lenileni chilengezocho sichinaliyankhe: kodi mbali ya amayi ili ndi masitepe angati, ndipo chimbudzi n'chotani? Iye sangawononge ndalama yoyendera n'kukakhala tsiku lonse osatha kulowa m'chimbudzi. Choncho amangokhala kunyumba, ndipo ife timaganiza kuti sanafune kubwera.

Anthu oterewa si ochepa ayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'mwamba m'Malawi muno ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo pafupifupi theka la iwo vuto lawo ndi la kuona. Boma la Karonga linali ndi anthu 365,028. Tikatengera chiwerengero cha dziko lonsecho, ndiye kuti m'bomali muli anthu aulumali oposa 30,000. Msonkhano wa anthu 120 umene palibe ndi mmodzi yemwe amene wanena kuti akufuna thandizo uyenera kutidabwitsa. Malamulo nawonso sanatisiye kumbuyo: dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo la zaulumali mu 2012, ndipo mu 2024 lamulo latsopano linalowa m'malo mwake, limene linasintha bungwe la MACOHA kukhala MACODA. Koma lamulo silingayeze khomo la mzikiti wathu. Imeneyo ndi ntchito yathu.

Yambani ndi kuyeza malo, osati kulemba fomu

Makomiti ambiri akafuna kukonza zinthu amathamangira kuwonjezera funso pa fomu. Ife tikuona kuti dongosolo labwino limayambira kwina. Munthu sangadziwe chimene adzasowe ngati sakudziwa mmene malowo alili. Woyenda ndi ndodo sasowa kalikonse pa malo athyathyathya, koma pa malo a masitepe asanu opanda chogwirira amasowa womugwira dzanja. Ndiye tiyambe ife kumuuza za malowo, kenako n'kumufunsa.

Tiyerekeze kuti tikukonza maphunziro a masiku awiri, Loweruka ndi Lamlungu, pa mzikiti wina wa pa boma la Karonga umene uli ndi makalasi a madrasa pambali pake, ndipo tikuyembekezera anthu 120. Kutatsala milungu isanu kapena isanu ndi umodzi, anthu awiri a mukomiti, bambo ndi mayi, atenge tepi yoyezera ndi kope n'kuyenda njira yonse imene mlendo adzayende. Akapeza munthu waulumali woti ayende nawo limodzi zikhala bwino koposa, chifukwa iye amaona zimene ena amazidumpha osazindikira. Ulendowu uyambire pamene minibasi kapena kabaza amatsitsira anthu, osati pa khomo la mzikiti. Kuchokera pa msewu wa tala kukafika pa geti pali mamita angati? Njirayo ndi ya mchenga, ya miyala kapena ya simenti? Mchenga wa m'mbali mwa nyanja umamiza matayala a njinga ngakhale kuli dzuwa. Pali ngalande yoti n'kudumpha?

Nyumba zambiri m'chigwa cha Karonga zimamangidwa pa maziko okwera, ndipo chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense amene anaonapo mtsinje wa North Rukuru utasefukira. Koma maziko okwera ndiwo amabweretsa masitepe. Tinene kuti pa khomo lalikulu tapeza masitepe atatu, lililonse lotalika masentimita 15, ndiye kuti pamodzi masentimita 45. Muyezo wodziwika wa njira yotsetsereka yokwerapo njinga ndi wakuti pa sentimita imodzi iliyonse yokwera pafunika masentimita 12 a m'litali. Masentimita 45 akufuna njira yotalika mamita 5.4. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amatenga chitseko chakale kapena thabwa la mamita awiri n'kulitsamiritsa pa masitepe, kenako n'kulengeza kuti malowo ndi ofikirika. Thabwa lotere ndi lotsetsereka kwambiri moti njinga itha kugudubuzikira chagada. Ngati munthu wa mphamvu zake sangadzikankhe yekha kukwera popanda matayala akutsogolo kunyamuka, dziwani kuti njirayo siili bwino. Nthawi zina yankho limakhala pafupi: khomo la m'mbali lili ndi sitepe limodzi lokha la masentimita 15, limene likungofuna njira ya mamita 1.8, yoti mmisili wa matabwa atha kuikhoma tsiku limodzi. Kapenanso maphunzirowo tingawasamutsire m'kalasi ya madrasa yopanda masitepe.

Makomo nawo tiwayeze chitseko chili chotsekula, kuchokera pa chitsekocho kufika pa felemu. Njinga zambiri za akuluakulu ndi zotambalala masentimita 65 mpaka 70, ndipo manja a wokankha matayala amafunanso malo. Khomo la masentimita 90 ndi labwino, la 80 munthu amadutsa mosamala, koma zitseko za zimbudzi zambiri zimachepera pamenepa. M'kati mwa chimbudzimo, kuti njinga itembenuke pamafunika malo a pafupifupi mita imodzi ndi theka mbali zonse. Chimbudzi chonjuta n'chovuta kwa munthu wosatha kupinda mawondo. Mpando wamatabwa wobooledwa pakati ndi chitsulo chogwirira pa khoma zimathandiza, ndipo sizidula kwenikweni.

Pali malo awiri amene mabuku a zaulumali sawatchula koma kwa ife ndi ofunika kwambiri. Oyamba ndi malo opangira wudhu. Timipando take ta simenti timakhala tatifupi, pansi pamakhala ponyowa ndi poterera, ndipo pakati pa munthu ndi mpopi pamakhala ngalande. Woyenda ndi ndodo apa m'pamene amagwa. Mpando wamba, ketulo ya madzi ndi beseni, zoikidwa pouma, zimathetsa vutoli. Achiwiri ndi pamene timavulira nsapato. Kunja kukatentha m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, simenti ya pabwalo imaotcha. Ambirife timadumphadumpha n'kuthawira pa mthunzi, koma munthu amene mapazi ake anachita dzanzi chifukwa cha matenda a shuga kapena khate sakumva kuti akupsa, ndipo chilonda cha pa phazi lotere chimachedwa kupola. Boma lino limalidziwa bwino khate, popeza kafukufuku wamkulu wa matendawa anachitikira ku Chilumba kuyambira mu 1979. Mkeka woyala kuchokera povulira nsapato kukafika pa khomo ndi wokwanira. Nkhani ya matayala a njinga, ndodo kapena nsapato zapadera pa kapeti ya mumzikiti tiikambirane ndi a shehe msonkhano usanafike, tigwirizane chochita, monga kukonzeratu nsalu ndi madzi opukutira. Si bwino kuti mtsutso umenewu ukachitikire pa khomo mwini njingayo akumva.

Zonsezi ziyezedwe kawiri, kumbali ya abambo ndi kumbali ya amayi. M'mizikiti yambiri mbali ya amayi ili ndi khomo lakelake, locheperapo, nthawi zina la kuseri kapena la m'mwamba, ndipo chimene chili choona kwa abambo sichikhala choona kwa amayi.

Kulemba zimene tapeza

Mawu akuti "malo ndi ofikirika kwa aliyense" sathandiza munthu, ndipo kawirikawiri si oona. Chofunika ndi kunena zimene zilipo, zabwino ndi zoipa zomwe, kuti mwini wake asankhe yekha. Pa msonkhano wathu woyerekezawu, ndime ya malo ingalembedwe motere:

"Kuchokera potsikira minibasi kufika pa geti pali mamita 200, njira ya dothi, pena mchenga. Maphunziro adzachitikira m'kalasi ya madrasa yopanda masitepe. Khomo lake ndi masentimita 85. Khomo la mzikiti la abambo lili ndi masitepe atatu, koma la m'mbali lili ndi njira yokwerapo njinga. Khomo la amayi lili ndi masitepe awiri opanda chogwirira, ndipo padzakhala amayi othandiza. Chimbudzi chimodzi chili ndi mpando wokhalapo, koma njinga singatembenukiremo. Pa malo a wudhu padzakhala mpando ndi ketulo. Maphunziro adzakhala m'Chichewa, ndipo adzatanthauziridwa m'Chitumbuka. Womasulira chinenero chamanja adzakhalapo ngati mutatidziwitsa pofika pa tsiku lakutilakuti."

Chiganizo cha chimbudzicho n'chochititsa manyazi kulemba, koma ndicho chimene chingapangitse mayi uja kutikhulupirira pa zina zonsezo. Atha kubwera ndi mwana wake womuthandiza, kapena kusankha kubwera theka la tsiku.

Chithunzi chokongola chija sitikuchitaya. Chimene tikusintha n'chakuti nthawi iliyonse chikatumizidwa, chitsagane ndi uthenga wolembedwa wamba wokhala ndi mawu onse omwewo, umene foni ingawerenge mokweza, komanso uthenga wa mawu ojambulidwa wa mphindi imodzi kapena ziwiri kwa amene satha kuwerenga. Pa Karonga nkhani ya chinenero njosazembeka: ambiri kumpoto kwa bomali amalankhula Chinkhonde, kummwera Chitumbuka, ndipo cha kumalire a Songwe Chiswahili chimamveka tsiku lililonse. Kujambula uthenga wa mawu m'zinenerozi sikufuna ndalama. Zosindikiza zopachika pa mzikiti zikhale ndi zilembo zikuluzikulu, za saizi 18 kapena kuposa, zakuda pa pepala loyera, zopanda zithunzi kumbuyo kwa mawu. Izi zimathandiza achikulire komanso abale athu achialubino, amene ambiri a iwo saona bwino patali. Chilengezo cha pa Juma kapena pa wailesi, monga Radio Islam kapena Radio Dinosaur ya konkuno, chimafika kwa osaona koma chimawadutsa osamva. Pepala lopachika limachita mosemphana. Palibe njira imodzi yokwanira yokha.

Momwemonso polembetsa. Nambala imene taika ikhale yolandira kuimba, SMS ndi WhatsApp, ndipo tilembe momveka kuti zonsezi n'zololedwa. Pakhalenso munthu wodziwika pa mzikiti uliwonse woitanidwa amene angalembe maina pamanja. Ngati tagwiritsa ntchito Google Forms, tikumbukire kuti imafuna bandulo ndi netiweki, zimene kumidzi sizipezeka nthawi zonse, choncho isakhale khomo lokhalo. Ngati pali ndalama yolembetsera, tilole kulipira pofika.

Funso lenilenilo

Funso lakuti "Kodi ndinu wolumala? Inde/Ayi" lili ndi mavuto awiri. Loyamba, anthu ambiri ofuna thandizo sadzitcha olumala. Gogo amene amamva khutu limodzi adzayankha kuti ayi, n'kukakhala kumbuyo osamva kanthu. N'chifukwa chake ngakhale akalembera amafunsa za vuto la kuona, kumva kapena kuyenda m'malo mofunsa dzina la ulumali. Lachiwiri, yankho lakuti "inde" silitiuza chochita. Anthu awiri osamva atha kufuna zosiyana: wina anaphunzira chinenero chamanja kusukulu, monga ku Karonga School for the Deaf, ndipo akufuna womasulira, wina anasiya kumva atakula, chinenero chamanja sachidziwa, ndipo akufuna kukhala kutsogolo kuti aziona milomo ya wolankhula, ndi pepala la mfundo m'manja. Si osaona onse amene amawerenga zilembo za Braille. Ambiri angakonde kutumiziridwa phunzirolo pa foni.

Funso lothandiza ndi lakuti, "Kodi pali chimene tingakonze kuti mufike ndi kutsatira maphunzirowa bwino?" Pansi pake tiike zitsanzo zoti munthu asankhepo, monga malo okhala kutsogolo, mpando m'malo mwa mkeka, womasulira chinenero chamanja, zolembedwa m'zilembo zazikulu, wokutengani potsikira galimoto, malo a pa mthunzi, chakudya chapadera, ndi mzere wopanda kanthu woti alembepo zina. Zitsanzozi n'zofunika chifukwa anthu athu sakonda kuvutitsa. Akaona kuti chinthucho chalembedwa kale, amadziwa kuti kupempha si mwano. Funsoli lifunsidwe kwa aliyense, osati kwa okhawo amene akuoneka aulumali. Tiwonjezere mafunso awiri: "Mubwera ndi wokuthandizani?" ndi "Tikuyankheni bwanji, pa kuimba, pa SMS kapena kudzera mwa munthu wina?" Wothandizayo awerengedwe pa chakudya ndi pogona, koma asalipire ndalama yolembetsera.

Khalidwe lofunsa limeneli si lachilendo kwa ife. Mu Hadith muli nkhani ya Swahaba Itban bin Malik (Allah asangalale naye), amene maso ake anafooka, ndipo mvula ikagwa chigwa cha pakati pa nyumba yake ndi mzikiti chinkadzaza madzi. Iye anafotokoza vuto lake kwa Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye), ndipo Mtumiki anapita kunyumba kwake pamodzi ndi Abu Bakr. Atafika sanasankhe okha malo oswalira, koma anamufunsa mwini nyumbayo pamene iye akufuna. Anthu a kuchigwa cha Karonga nkhani ya madzi otseka njirayo saifunira womasulira.

Kuyankha, ndi kusunga chinsinsi

Tibwerere ku msonkhano wathu. Tinene kuti mwa anthu 120, khumi ndi mmodzi alemba zofuna. Asanu akufuna mipando, awiri zilembo zazikulu, mmodzi wokamutenga pa depoti, mmodzi abwera pa njinga kuchokera ku Uliwa, ndipo awiri, mnyamata ndi mtsikana, akufuna womasulira. Munthu mmodzi wa mukomiti apatsidwe ntchito yoyankha aliyense wa iwowa pasanathe masiku atatu, kudzera m'njira imene iye anasankha, kunena chimene chatheka ndi chimene chakanika. Fomu yosayankhidwa ndi yoipa kuposa kusafunsa n'komwe, chifukwa munthu amabwera akuyembekezera chimene kulibe.

Zambiri mwa izi n'zosavuta. Chovuta ndi womasulira. Omasulira chinenero chamanja ndi ochepa m'dziko muno, choncho tiyambe kufunsa msanga ku bungwe la MANAD, ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma, kapena kwa aphunzitsi a ana osamva. N'chifukwa chake pa chilengezo timaika tsiku, pafupifupi milungu iwiri msonkhano usanachitike. Wochedwa timulandirebe, kungoti sitingamulonjeze. Kumasulira n'kotopetsa, ndipo pa ntchito ya tsiku lonse omasulira amayenera kukhala awiri, kumasinthana pakatha mphindi 20 kapena 30. Ndalama yawo ilowe mu bajeti pamodzi ndi mpunga ndi nyama. Womasulira atha kukhala kuti si Msilamu, ndiye tim'patsiretu mfundo za phunzirolo ndi tanthauzo la mawu a Chiarabu monga Zakaat ndi Tawhid, ndipo tiwapemphe a shehe kuti akawerenga aya azinenanso tanthauzo lake mosathamanga.

Ndiye pali katani. Ngati womasulira waima kutsogolo kwa abambo, mtsikana uja ali kuseri kwa katani kapena khoma saona kanthu, ndipo mkuzamawu umene umathandiza amayi enawo kwa iye ulibe ntchito. Komiti imene inangowerenga kuti "osamva awiri" idzazindikira izi pa tsikulo. Imene inayang'ana kuti wina ndi wamwamuna wina wamkazi idzakonzeratu: womasulira wina akhale kumbali ya amayi, kapena aime kumapeto kwa katani pamene mbali zonse zikumuona, pamalo owala, osati atafulatira windo. Ngati omasulira awiriwo agawikana mbali, sangathenso kusinthana, ndiye pulogalamu ikhale ndi nthawi zopuma pafupipafupi.

Wa ku Uliwa uja timufunse za ulendo wake. M'minibasi njinga imawerengedwa ngati katundu, ndipo kawirikawiri munthu amalipiritsidwa kawiri. Ngati pali galimoto ya m'bale wina yochokera mbali imeneyo, tiwalumikize. Nthawi yomaliza nayo ndi nkhani ya ufikiriki: msonkhano wotha pambuyo pa Maghrib umasiya wosaona bwino ndi woyenda pang'onopang'ono mumdima.

Zimene anthu atiuza zikhale m'manja mwa anthu awiri kapena atatu okha. Ophika adziwe kuti mbale ziwiri zikhale zopanda mchere wambiri, osati maina a odwala. Mndandanda wa olembetsa usatayidwe m'gulu la WhatsApp. Izi n'zofunika makamaka kwa abale athu achialubino, amene akhala akuchitiridwa nkhanza ndi kuphedwa m'dziko muno: uthenga wonena kuti uje adzachokera kwakuti, adzayenda tsiku lakuti ndipo adzagona m'kalasi yakuti suyenera kuyendayenda m'mafoni. Munthu wa khunyu akatiuza za matenda ake, timufunse chimene akufuna tichite akadwala ndi amene tingamuimbire, ndipo zithere pomwepo.

Pa tsikulo, wolandira alendo akhale ndi pepala la zofunazo pa tebulo loikidwa pa mthunzi, ndipo alankhule ndi mwini wake, osati ndi womuperekeza. Wina adzafika amene sanalembe kanthu, choncho mipando iwiri kapena itatu yapadera ndi mapepala angapo a zilembo zazikulu zikhalepo. Msonkhano ukatha, tiwerenge kuti mwa khumi ndi mmodzi aja anabwera angati, ndipo amene sanabwere tiwafunse chimene chinawaletsa. Mayankho awo tiwalembe m'kope lomwe lija la miyezo ya masitepe ndi makomo, ndipo kopelo lisungidwe pa mzikitipo kuti komiti ya chaka chamawa idzalipeze.